Malovu M'kabotolo ndi Maperesenti a Makolo: Mafunso ndi Mayankho

Chiyambire chaka cha 2007, pamene kampani ya ku Amereka yotchedwa 23andMe idayamba kugulitsira anthu wamba zipangizo zopimira DNA, ndipo makamaka chiyambire 2012, pamene AncestryDNA idalowanso m'malonda omwewo, anthu ochuluka akhala akulavulira m'timabotolo ndi kutumiza malovu awo kutsidya la nyanja, kuti auzidwe kumene makolo awo adachokera. Kotero kuti pofika kuchiyambi kwa 2019 amene adapimitsa motere adali atapitirira 26 miliyoni. Yankho limabwera pakapita masabata angapo, lili ndi mapu okongola ndi manambala ooneka ngati osatsutsika: magawo akutiakuti ndinu wa dziko lakuti, magawo akutiakuti wa dziko lina. Koma iye amene adapimitsa ku makampani awiri amadziwa kuti manambalawo sagwirizana kawirikawiri, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndiwo amene munthu wotere amafunsa.

Kodi malovu aja akafika kumeneko, chimene amawerenga n'chiyani kwenikweni?

M'malovu muli timaselo ta m'kamwa ndi ta m'magazi, ndipo m'kaselo kalikonse muli DNA, imene ili ndondomeko yaitali ya zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zosanjidwa pa timitolo totchedwa makolomozomu. Munthu ali ndi makolomozomu 46, okhala awiriawiri m'magulu 23, ndipo pa awiri alionse imodzi idachokera kwa mayi, inzake kwa bambo. Zilembo za mbali imodzi yokha zimakwana pafupifupi 3 biliyoni. Makampani ambiri ogulitsa mapimidwe otsika mtengowa sawerenga zonsezo, pakuti ntchitoyo ndi yodula, ndiponso pa zilembo 1,000 zilizonse pafupifupi 999 n'zofanana mwa ana a Adamu onse, Mchewa ndi Mzungu, Mmwenye ndi Mtchaina. Iwo amangoyang'ana malo osankhidwiratu, pakati pa 600,000 ndi 700,000, kumene kudadziwika kale kuti anthu amasiyana, wina kukhala ndi A pamene mnzake ali ndi G. Malo oterewa mudzawaona atalembedwa kuti SNP m'zikalata za makampaniwo.

Mbali iyi ya ntchito ndiyo yodalirika koposa zonse, pakuti makina owerenga zilembo saphonyaphonya, ndipo makampani awiri akawerenga malo amodzimodzi mwa munthu mmodzi amagwirizana pafupifupi ponseponse. Tsono owerenga asunge ichi mumtima kuyambira pano: kusagwirizana kumene tikukamba sikubadwira m'labotale, koma kumayamba pambuyo pake, pamene zilembozo zaperekedwa kwa kompyuta kuti izimasulire.

Nanga m'zilembozo mudalembedwa dzina la dziko kapena la mtundu?

Iyayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokera. Palibe chilembo chimene chili cha Ataliyana okha, kapena cha Ayoruba okha, chimene munthu akapezeka nacho tinganene kuti mlandu watha. Mu 1972 katswiri wina wa ku Amereka, Richard Lewontin, adaonetsa kuti pa kusiyana konse kumene kuli m'chibadwa cha anthu, magawo pafupifupi 85 pa 100 amapezeka pakati pa anthu a mtundu umodzi womwewo, ndipo kagawo kotsalako ndiko kamene kamalekanitsa mitundu. Alipo ndithu malo owerengeka amene amalekanitsa anthu a makontinenti momveka, monga malo a Duffy, kumene pafupifupi anthu onse a kumadzulo ndi pakati pa Afirika ali ndi chilembo chowatchinjiriza ku mtundu wina wa malungo, chilembo chimene chili chosowa kwambiri kwa Azungu. Koma malo otere ndi apatalipatali, ndipo sathandiza konse polekanitsa Mfalansa ndi Mjeremani, kapena Mchewa ndi Mtumbuka.

Chimene chilipo ndicho kuchuluka ndi kuchepa. Tiyeni tiyerekeze kuti pamalo ena chilembo A chimapezeka ka 80 pa 100 mwa anthu a chigawo choyamba, koma ka 30 pa 100 mwa anthu a chigawo chachiwiri, ndipo munthu wathu walandira A kwa mayi ndi A kwa bambo. M'chigawo choyamba anthu otere ndi 64 pa 100, pakuti 0.8 × 0.8 = 0.64, m'chigawo chachiwiri ndi 9 pa 100, pakuti 0.3 × 0.3 = 0.09. Umboniwo ukupendekera ku chigawo choyamba pafupifupi kasanu n'kawiri, komabe sukutseka nkhani, popeza anthu 9 aja a chigawo chachiwiri nawonso alipo ndipo ndi eni dziko lawo. Koma malo atatu otalikirana akapendekera mbali imodzimodzi ndi mphamvu yomweyo, 7 × 7 × 7 ndi 343. Ndipo mukakumbukira kuti malowo ndi mazana a zikwi, ngakhale ambiri a iwo ali ofooka kuposa chitsanzo chathuchi, mudzaona m'mene timaumboni tating'onoting'ono, tosathandiza patokha, timasandukira chigamulo tikaunjikana.

Kampaniyo imadziwa bwanji kuti chilembo chakuti n'chochuluka kwa anthu akuti?

Imadziwa chifukwa idasonkhanitsa anthu oyerekezera, ndipo pa funso ili tiyenera kukhalitsapo, pakuti ndiwo mtima wa nkhani yonse. Kampani iliyonse ili ndi gulu lake la anthu amene idawasankha kuti aimire zigawo za dziko lapansi. Ena idawatenga m'nkhokwe za akatswiri zotsegukira aliyense, monga 1000 Genomes Project, imene pomaliza ntchito yake mu 2015 idali ndi anthu 2,504 a m'magulu 26, ndi Human Genome Diversity Project, ya anthu pafupifupi 1,000 a m'magulu oposa 50. Koma ambiri idawatenga mwa makasitomala ake omwe, ndiwo amene adanena kuti agogo awo onse anayi adabadwira dera limodzi. Kenaka idachotsamo apachibale, kuti banja limodzi lisaimire dziko lonse, ndi kuchotsanso iwo amene DNA yawo idaoneka yopatuka pa anzawo.

Taonani tsono zinthu ziwiri zimene zabisala m'menemu. Choyamba, anthu oyerekezerawo ndi a masiku athu ano, osati mafupa a makolo akale; chotero pamene kalata yanu inena kuti muli ndi magawo 30 pa 100 a dziko lakuti, tanthauzo lake lenileni ndilo lakuti magawo 30 a DNA yanu amafanana ndi ya anthu a lero a dzikolo amene kampaniyo ili nawo, kuposa m'mene afananira ndi ya wina aliyense m'nkhokwe yakeyo. Chachiwiri, kompyuta singakutchuleni dzina limene silili m'kaundula wake. Tiyerekeze munthu wodziwa zilankhulo zitatu zokha, Chichewa, Chishona ndi Chiyao, amene waikidwa kumvetsera mayi wolankhula Chisena cha ku Nsanje, naumirizidwa kugawa mawu onse a mayiyo pakati pa zilankhulo zitatuzo. Iye adzanena mosanama kuti mwina theka ndi Chichewa, gawo lalikulu lotsala ndi Chishona, ndipo kotsalako n'Chiyao. Mnzake wodziwa Chinyungwe adzati pafupifupi zonse ndi Chinyungwe. Onse awiri amva bwino ndipo palibe wabodza, komabe mayiyo sadalankhule china koma Chisena kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Momwemonso DNA ya munthu wa dera limene kampani ilibe anthu ake imagawidwa kwa anansi amene alipo.

Chiwerengero cha maperesenti chimatuluka bwanji?

Masitepe ake aakulu ndi atatu. Makina a m'labotale amangonena kuti pamalo akuti muli ndi A ndi G, osanena kuti A ndi wa mayi kapena wa bambo. Choncho ntchito yoyamba ya kompyuta ndiyo kulekanitsa mizere iwiriyo, poyerekeza ndi m'mene zilembo zimatsatanirana mwa anthu ena ambirimbiri. Ntchito imeneyi ndi yongopenekera mwanzeru, ndipo nthawi zina kompyuta imalumpha mzere, nilumikiza chidutswa cha mayi ku chidutswa cha bambo. N'chifukwa chake maperesenti a munthu amatha kusintha pang'ono kholo lake likapimitsanso ku 23andMe, pakuti pamenepo mizere ija imalekanitsidwa ndi umboni weniweni.

Sitepe yachiwiri ndiyo kudula mizereyo m'tizigawo. AncestryDNA, pofotokoza njira imene idayamba kutsata mu 2018, idati imagawa DNA ya munthu m'tizigawo 1,001. 23andMe nayo imadula tizigawo ta zilembo mazana ochepa kalikonse. Kagawo kalikonse kamayerekezedwa pakokha ndi magulu onse oyerekezera, ndipo kompyuta imafunsa kuti katsatanidwe ka zilembo kotere n'kofala kwa ayani. Kenaka imasalaza zotsatira, podziwa kuti DNA imalandiridwa m'zidutswa zazitali: ngati tizigawo khumi totsatana tikuloza ku Italiya, koma kamodzi ka pakati pake kakuloza ku Norowe mofooka, kamodziko kamakokeredwa kwa anzake.

Sitepe yachitatu ndi masamu a pasukulu ya pulayimale. Utali wa tizigawo tonse topatsidwa dzina limodzi umaphatikizidwa, nugawidwa ndi utali wa DNA yonse, ndipo chotuluka ndicho peresenti imene muiona pa foni panu.

Ngati njira ili yomveka chotere, n'chifukwa ninji makampani amasiyana?

Tiyankhe ndi nkhani yochitika, imene idaulutsidwa mu Januwale 2019 pa pulogalamu ya Marketplace ya wailesi yakanema ya CBC ku Kanada. Mtolankhani Charlsie Agro ndi m'bale wake, amene ali mapasa ochokera m'dzira limodzi, motero a DNA yofanana, adatumiza malovu awo ku makampani asanu: AncestryDNA, MyHeritage, 23andMe, FamilyTreeDNA ndi Living DNA. Mbiri ya banja lawo idali yodziwika, kuti makolo awo adachokera ku chilumba cha Sisile, ku Polandi ndi ku Yukireni. AncestryDNA idati gawo lawo lalikulu, 38 kapena 39 pa 100, ndi la kum'mawa kwa Ulaya. MyHeritage idati pafupifupi 61 pa 100 ndi la maiko a Balikani, ndiko kuti chigawo cha Serbia, Bulgaria ndi anansi awo. FamilyTreeDNA idawapatsa 13 kapena 14 pa 100 a maiko a Aluya ndi oyandikana nawo, gawo loposa kutali limene makampani ena adapeza.

Ndani tsono adalakwa? Yang'anani mapu. Maiko a Balikani ali pakati pa Italiya ndi Yukireni, ndipo anthu ake ali ndi chibadwa chofanako ndi cha Asilavo a kumpoto ndiponso chofanako ndi cha anthu a m'mbali mwa Nyanja ya Mediteraniya. Munthu amene theka lake ndi la ku Sisile ndipo theka lina la ku Polandi, mukamuona yense pamodzi, amaoneka ngati waima pakatikati pa awiriwo, pamalo pomwe paima anthu a Balikani. Choncho sikovuta kumvetsa m'mene njira yolephera kulekanitsa bwino zidutswa ziwirizo ingamutchulire dziko limene agogo ake sadapondemo. Gawo la kwa Aluya nalonso lili ndi chifukwa chake, pakuti Sisile wakhala pa mphambano ya nyanja kwa zaka zikwi, nalandira Afoinike, Agiriki, Aroma ndi Aluya. Kampani yokhala ndi anthu okwanira a kumwera kwa Italiya m'nkhokwe yake idzangoti zonsezo ndi Chitaliyana, pamene kampani yopanda anthu otere idzaphwanya chibadwa chomwecho pakati pa Italiya wa kumpoto ndi maiko a kutsidya la nyanja.

Tikasonkhanitsa, magwero a kusiyanaku ndi awa: anthu oyerekezera si amodzi, malire a zigawo adalembedwa ndi kampani iliyonse monga idafunira, ina kuphatikiza Falansa ndi Jeremani pamodzi, ina kuwalekanitsa, malo owerengedwa pa DNA sali ofanana onse, ndipo masamu ogawira ndi osiyana. Mwa zinayizi, ine ndiyesa choyamba ndicho cholemera koposa.

Komatu mapasawo adasiyananso pa kampani imodzi yomweyo. Zimenezi zingatheke bwanji?

Adasiyanadi. Ku 23andMe mmodzi adapatsidwa magawo 2.6 pa 100 a Chifalansa ndi Chijeremani, pamene mnzake sadapatsidwe konse; ndipo Living DNA idapeza kagawo ka ku Mangalande mwa mmodzi, koma ka ku Sikotilandi ndi Ayalandi mwa winayo. Akatswiri a pa yunivesite ya Yale, motsogozedwa ndi Mark Gerstein, atayang'ana zilembo zenizenizo, adapeza kuti za ku 23andMe zidagwirizana pa 99.6 pa 100. Kagawo kotsalako kakuoneka kochepa, koma pa malo 600,000 ndiko malo ngati 2,400 amene makina adalephera kuwerenga kapena adawerenga mosiyana.

Kuti timvetse m'mene kusiyana kochepa chotere kumakulira, titenge kagawo kamodzi ka DNA kamene kompyuta yakayesa, nipeza kuti mwayi woti n'ka Chitaliyana ndi 52 pa 100, woti n'ka Chigiriki ndi Chibalikani ndi 43, ndipo 5 otsalawo agawikana kwina. Kagawo kotere kaima pa mpeni. Chilembo chimodzi chikasoweka, kapena mizere ya mayi ndi bambo ikalumikizidwa mwina, 52 uja atsika, 43 uja akwera kumupitirira, ndipo kagawo konseko kasintha dzina, kukokanso anzake oyandikana nako pa nthawi yosalaza ija. Anthu a mitundu yoyandikana akhala akukwatirana chikhalire, ndipo tizigawo toima pa mpeni chotere n'tochuluka.

Kampani ya 23andMe idapatsa makasitomala ake njira yodzionera okha zimenezi, yoti munthu asankhe mlingo wa chitsimikizo kuyambira 50 kufika 90 pa 100. Pa mlingo wa 50, umene udali pafupifupi womwe munthu ankaonetsedwa poyamba, kagawo kathu kaja katchedwa `Italian`. Mukakweza mlingo kufika 90, dzinalo lichoka, ndipo kagawoko kagwera m'dzina lotakata lakuti `Broadly Southern European`, popeza 52 ndi 43 pamodzi ndi 95, ndipo kompyuta ili yotsimikiza za kumwera kwa Ulaya ngakhale sili yotsimikiza za dziko. Pamene ngakhale dzina lotakata silifika pa mlingowo, kagawoko kalembedwa `Unassigned`. Ambiri amene adayesa kukweza mlingowu adadabwa kuona maiko awo okondeka akusungunuka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ena akuti maperesenti awo adasintha okha, iwo osatumizanso malovu. Kodi magazi a munthu amasintha?

Magazi sasintha, koma nkhokwe ndi masamu ndizo zimasintha. Mu Sepitembala 2018, pamene AncestryDNA idakulitsa gulu lake loyerekezera ndi kusintha njira yowerengera, anthu ochuluka adadzuka m'mawa napeza kuti Chisikandineviya chimene adali kunyadira chachepa kapena chatha, ndipo chalowedwa m'malo ndi Chingelezi kapena china. Makampani amachita zotere pafupipafupi, ena chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri chiwerengero chatsopano chimaposa chakale. Koma munthu wanzeru adzaphunzirapo kuti cha lerochinso chidzasinthidwa.

Nanga abale a mimba imodzi amene si mapasa, ayenera kulandira maperesenti ofanana?

Sayenera, ndipo pano kusiyanako n'koona, si kulakwa kwa kompyuta. Mwana alandira theka la DNA yake kwa mayi ndi theka kwa bambo, koma theka limene mayi apereka ndi losakaniza la agogo awiri, losakanizidwa mwatsopano pa mimba iliyonse. Chifukwa chake, ngakhale timati munthu alandira magawo 25 pa 100 kwa gogo aliyense, chiwerengerocho n'chapakatikati chabe: mwana wina atenga 20 kwa gogo wakuti, mng'ono wake atenga 30. Ngati gogoyo adali Mmwenye wa ku Gujarati, mwachitsanzo, ndipo ena atatuwo adali a kuno, ana awiriwo adzaonetsa maperesenti osiyana a Chimwenye, onse awiri ali adzukulu enieni a munthu mmodzi.

Tikabwerera m'mbuyo nkhani imakula. Makolo ndi 2, agogo 4, makolo a agogo 8, ndipo pa m'badwo wa khumi, zaka ngati 300 zapitazo, mipando ya makolo ndi 1,024. DNA sigawika mopanda malire, koma imayenda m'zidutswa, ndipo pa m'badwo uliwonse zidutswa zina zimatsala panjira. Kotero kuti ambiri mwa makolo 1,024 aja, ngakhale adatibala ndithu, sadatisiyire chilembo n'chimodzi chomwe. Munthu amene banja lake lisunga mbiri yoona ya kholo lachilendo la zaka 250 zapitazo angathe kupimitsa osapezeka ndi kanthu, ndipo kusapezekako si umboni woti akuluakulu adanama.

Kodi Mchewa, Mngoni kapena Myao akapimitsa, adzauzidwa mtundu wake?

Asayembekeze zimenezo. Anthu a mu Afirika ali ndi kusiyana kwa chibadwa kochuluka kuposa anthu a kontinenti ina iliyonse, popeza mtundu wa anthu wakhalitsa kuno kuposa kwina konse. Komabe m'nkhokwe za makampani, zimene zidamangidwa makamaka ndi makasitomala a ku Amereka ndi Ulaya, ndife operewera. Mu 1000 Genomes Project magulu otengedwa m'kati mwa Afirika adali asanu okha: Ayoruba ndi Aesani a ku Naijeriya, Amende a ku Siyera Leone, anthu a ku Gambia, ndi Aluhya a ku Webuye ku Kenya. Kuchokera kumwera kwa Kenya kudzafika ku Kapa mudalibe ndi mmodzi yemwe. Makampani ayesetsa kuwonjezera anthu m'zaka zotsatira, koma chidwi chawo chachikulu chakhala pa maiko a kumadzulo kumene akapolo opita ku Amereka adatengedwa, pakuti ogula ali kumeneko.

Choncho wa kwathu kuno akapimitsa amakumana ndi maina otakata. Pa 23andMe akhala akuona maina onga `Angolan & Congolese` ndi `Southern East African`. Pa AncestryDNA, maina onga `Cameroon, Congo & Western Bantu Peoples`, `Eastern Bantu Peoples` ndi `Southern Bantu Peoples`. Munthu wa ku Dedza woona dzina la Kameruni kapena Angola pa kalata yake asathamangire kukafunsa amalume kuti ndani adachokera kumeneko. Makolo a anthu olankhula zinenero za Chibantu adayamba kufalikira kuchokera m'malire a Naijeriya ndi Kameruni zaka pafupifupi 4,000 kapena 5,000 zapitazo, ndipo ana awo, kuyambira ku Kongo mpaka ku Natala, amafanana kwambiri m'chibadwa. Mainawo akuonetsa chibale chakale chimenecho, chogawidwa monga mwa anthu amene kampani idali nawo. Kuti Achewa amakumbukira ulendo wochokera ku Uluba m'dziko la Kongo n'zoona, koma peresenti ya Kongo pa kalatayo si umboni wa ulendowo, pakuti ndi anthu ena opanda mbiri yotere amailandiranso.

Palinso china chimene makina sangachione. Mchewa atsata kuchikazi, ndipo mwana ali wa mbumba ya amalume ake. Mngoni atsata kuchimuna. Ndipo Angoni amene adaoloka Zambezi mu 1835 pansi pa Zwangendaba adasonkhanitsa panjira anthu a mitundu yambiri, amene ana awo lero ali Angoni enieni m'chilankhulo cha mwambo ndi m'mfunda. Ubanda ndi Uphiri n'zinthu za mwambo ndi kubadwira m'banja, ndipo palibe chilembo cha DNA chimene chidalembedwa maina amenewa.

Ndiye kuti maperesentiwa akunena za nthawi iti?

Makampani ambiri amanena za zaka mazana angapo mpaka chikwi chimodzi zapitazo, koma kunena zoona palibe chaka chimodzi chimene chiwerengerocho chimaloza, chifukwa chakhazikika pa chiyembekezo chakuti anthu okhala pamalo lero ndi ana a iwo amene adakhalapo kale. Dziko lathu lomwe likuonetsa m'mene chiyembekezo chotere chimathera tikabwerera kutali. Mu 2017 gulu la akatswiri, mwa iwo Pontus Skoglund, Jessica Thompson ndi David Reich, lidafalitsa zopeza pa mafupa akale a ku phiri la Hora ndi ku Fingira kumpoto, ndi a ku Chencherere pafupi ndi Dedza, a zaka kuyambira 2,500 mpaka 8,100 zapitazo. Adapeza kuti anthu amenewo, alenje ndi otola zipatso, amene mwina ndiwo makolo a Akafula a m'mbiri zathu, sadasiye chibadwa chooneka mwa Amalawi a lero amene adayesedwa. Dzina la malo ndi limodzi, koma anthu ake adasinthana kotheratu.

Munthu amene ali nayo kale kalata yake, adziwe bwanji chodalirika ndi chosadalirika?

Maperesenti aakulu a makontinenti, akuti gawo ili ndi la Afirika wa kumwera kwa Sahara, ili la Ulaya, ili la kumwera kwa Asiya, ndi odalirika ndithu, ndipo makampani sasiyana kwambiri pa amenewa, pakuti anthu a mbali zimenezi adatalikirana kwa zaka zikwi zambiri. Kudalirika kumachepa pamene dzina likunka lichepera: chigawo cha kontinenti, kenaka dziko, kenaka dera la m'dziko.

Chovuta chenicheni ndi timaperesenti tating'ono, 1 kapena 2 pa 100, timene timasangalatsa ena ndi kusautsa ena. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayeso ake ndi awa. Kwezani mlingo wa chitsimikizo, ngati kampani yanu ilola, muone ngati kaperesentiko katsala. Yang'anani chithunzi cha makolomozomu chimene makampani ena amapereka: chidutswa chimodzi chachitali chili ndi kulemera kuposa tizidutswa tomwazika apa ndi apo. Onani ngati kampani yachiwiri ikupezanso chomwecho. Ndipo koposa zonse, ngati makolo anu ali moyo ndipo alola, apimitse nawonso, pakuti chidutswa choona chiyenera kupezeka mwa mmodzi wa iwo. Chimene chili mwa mwana koma mulibe mwa mayi ndi bambo omwe, pamene chibale chawo chatsimikizika, ndi phokoso la masamu chabe. Kaperesenti ka kontinenti yakutali kamapirira mayesowa kawirikawiri kuposa ka dziko loyandikana nalo.

Chomaliza, owerenga asasokoneze maperesenti a mitundu ndi mndandanda wa achibale umene makampani omwewo amapereka, pakuti izi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mndandanda wa achibale sudalira anthu oyerekezera kapena malire a maiko. Umangoyesa utali wa zidutswa za DNA zimene anthu awiri ali nazo zofanana, pa muyeso wolembedwa `cM`. Kholo ndi mwana wake amagawana pafupifupi 3,400 mpaka 3,500 cM, abale a bambo mmodzi koma amayi osiyana pafupifupi theka la pamenepo, ndipo pa achibale apafupi chotere makampani onse amagwirizana. Chotero munthu asaimbe mkazi wake kapena mayi wake mlandu chifukwa cha peresenti yachilendo, imene ingathe kufafanizika chaka chamawa. Koma iye amene atsegula mndandanda wa achibale ayambe walingalira ngati ali wokonzeka kupezamo dzina la m'bale amene palibe adamuuzapo za iye, popeza chiwerengero chimenecho sichisintha kampani ikasintha nkhokwe yake.